Anthu angati pa shifiti? Momwe sitolo imawerengera antchito potengera kuchuluka kwa ogula

Mwezi ukamatha, madandaulo awiri amamveka m'sitolo imodzi yomweyo. Ogula amadandaula kuti aima pamzere mpaka miyendo kuwawa pomwe malo ena olipirira ali otseka, ndipo mwini sitolo amadandaula kuti akulipira anthu omwe m'mawa wonse amangokhala manja ali m'thumba. Onse awiri akunena zoona, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pa maola omwe antchitowo aikidwa, osati pa chiwerengero chawo chonse. Pali njira yowerengera anthu ofunika pa shifiti iliyonse, ndiye kuti pa chigawo chilichonse cha tsiku chomwe gulu limodzi la antchito limalowa ndi kuwerukira limodzi, ndipo masamu ake munthu angathe kuchita ndi kope ndi foni.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: sitolo ya zakudya ndi zofunika zapakhomo ya m'tauni, yokhala ndi malo asanu olipirira, yomwe imatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 7 koloko madzulo. Manambala a sitoloyi ndi ongoyerekeza kuti njirayo ioneke bwino, ndipo aliyense ayenera kuikapo ake.

## Ogula pa ola, osati pa tsiku

Choyamba kudziwa ndi chiwerengero cha ogula omwe amafika polipirira pa ola lililonse. Sitolo yomwe ili ndi makina otulutsa malisiti ili nazo kale zimenezi, popeza lisiti lililonse limalembedwa nthawi. Yomwe ilibe makina ingagwiritse ntchito kope, kashiya n'kumalemba kamzere akamaliza ndi wogula aliyense, tsamba litagawidwa ola ndi ola. Zofunika kuwerenga ndi malisiti, osati ndalama zomwe zalowa, chifukwa munthu mmodzi wogula thumba la mpunga amabweretsa ndalama zambiri koma amadya nthawi yochepa kusiyana ndi anthu khumi ogula buledi ndi mchere.

Masiku amasiyana, choncho Lachisanu liyerekezedwe ndi masiku ena a Lachisanu. Munthu amatenga masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu apitawo, n'kuphatikiza ogula a ola limodzilo, n'kugawa ndi chiwerengero cha masabatawo kuti apeze avereji, yomwe ndi nambala yapakatikati. Sabata ya malipiro imaikidwa payokha, ndipo tibwererako.

M'sitolo yathu, Lachisanu wamba likuoneka motere. Kuyambira 7 mpaka 9 koloko kumabwera ogula 30 pa ola, kenaka mpaka 12 koloko amatsika kufika pa 24. Pa nkhomaliro, 12 mpaka 2 koloko, amakwera kufika pa 45, n'kubwereranso pa 24 mpaka 4 koloko. Anthu akaweruka kuntchito, kuyambira 4 mpaka 7 koloko, amafika 70 pa ola. Tsiku lonse ndi ogula 480, ndipo wogawa nambalayi ndi maola 12 amapeza 40 pa ola. Nambala ya 40 imeneyi ndiyo imasocheretsa anthu ambiri, chifukwa palibe ola ngakhale limodzi pa tsikuli lomwe kunabweradi ogula 40.

## Mphindi zomwe wogula mmodzi amadya

Chachiwiri ndi nthawi yomwe kashiya amathera pa wogula mmodzi. Iyi imayezedwa ndi wotchi ya pafoni, kuyambira pomwe wogula waika katundu woyamba pakauntala mpaka pomwe wotsatira angathe kuika wake. Kufunafuna chenji, kudikira uthenga wotsimikiza kuti ndalama za pafoni zalowa, kulongedza katundu ndi kufunsa mtengo wa chinthu chomwe chilibe chizindikiro, zonsezi zili momwemo. Ogula makumi asanu oyezedwa pa nthawi zosiyanasiyana ndi kwa makashiya osiyanasiyana amapereka chithunzi chokwanira kuyambirapo. Kuyeza kashiya wachangu kwambiri yekha, kapena kumuyeza manijala ataima kumbuyo kwake, kumapereka nambala yokongola yomwe sidzabwerezedwanso tsiku lina.

Tinene kuti tapeza mphindi zitatu. Kuwerengera kwake n'kotere:

`ntchito = ogula pa ola × mphindi pa wogula ÷ 60`

Yankho lake limanena kuchuluka kwa makashiya omwe akanatanganidwa ola lonselo osapumira. Madzulo, ogula 70 kuchulukitsa ndi mphindi zitatu ndi mphindi 210, zomwe tikagawa ndi 60 zikupereka 3.5. M'mawa ikutuluka 1.5, pa nkhomaliro 2.25, ndipo pa maola opanda phokoso aja 1.2.

## Chifukwa chake 3.5 sikutanthauza makashiya anayi

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Munthu angaganize kuti ntchito ya anthu atatu ndi theka ikwanira anthu anayi, n'kutsalako ndi mpata. Zikanatero ogula akanamabwera motalikirana mofanana ngati madontho a mpopi wodontha, ndiponso aliyense akanamatha mphindi zitatu ndendende. Koma minibasi ikaima pasiteji, anthu asanu ndi mmodzi amalowa nthawi imodzi, kenaka pamapita mphindi zinayi osalowa munthu. Mphindi zomwe kashiya anakhala chete sangazisunge kuti adzazigwiritse ntchito gulu likafika. Zimangotayika, pomwe ogula omwe afika pamodzi amaunjikana ndipo mzere wawo umadikira mpata wina kuti uchepe.

Aliyense amene anatungapo madzi pamjigo akudziwa zimenezi. Mjigo ukamakhala wopanda munthu theka la nthawi, mzere wa ndowa umatha msanga. Ukamapukusidwa pafupifupi nthawi yonse, munthu mmodzi wobwera ndi zigubu zinayi amachedwetsa onse mpaka dzuwa kukwera. Masamu a mizere amatsimikiza zomwezo. Pa malo amodzi olipirira, pomwe wogula amatha mphindi zitatu ndipo anthu amafika mosatsata ndondomeko, kashiya akamatanganidwa theka la nthawi yake, wogula amadikira pafupifupi mphindi zitatu. Akamatanganidwa 80 peresenti ya nthawi, kudikira kumafika mphindi 12. Pa 90 peresenti kumafika mphindi 27, ndipo pa 95 peresenti kumayandikira ola lathunthu. Kudikira sikukwera pang'onopang'ono mofanana ndi ntchito, koma kumalumpha kashiya akayandikira malire a zomwe angathe.

Masamu amenewa anayambira ku matelefoni. Agner Krarup Erlang, katswiri wa masamu wa ku Denmark yemwe ankagwira ntchito pa kampani ya matelefoni ya mu mzinda wa Copenhagen, anasindikiza zofufuza zake mu 1909 ndi mu 1917 pofuna kudziwa kuti pakufunika mizere ingati ya lamya kuti oimba asamadikire. Njira yowerengera kudikira pamene otumikira ali angapo imadziwika ndi dzina loti Erlang C, ndipo imagwirabe ntchito m'mabanki, m'masitolo ndi m'malo oyankhira mafoni. Tikaiyesa pa madzulo a sitolo yathu, poyerekeza kuti ogula aima mzere umodzi wopita kwa kashiya aliyense amene wamaliza, zotsatira zake n'zoonekeratu. Makashiya atatu amatha ogula 60 okha pa ola, kotero mzere umakula ndi anthu khumi ola lililonse ndipo pofika nthawi yotseka mwatsala anthu makumi atatu. Makashiya anayi amakwanitsa, koma ogula atatu mwa anayi alionse amapeza malo onse ali odzaza, ndipo kudikira kwapakatikati ndi mphindi zinayi ndi theka. Makashiya asanu amatsitsa kudikirako kufika pa masekondi pafupifupi 45. Munthu mmodzi wowonjezera wachotsa pafupifupi mzere wonse, pomwe wachisanu ndi chimodzi akanachotsa zochepa kwambiri chifukwa zotsala n'zochepa kale.

Wopanda nthawi ya masamu aataliwo angagwiritse ntchito njira yachidule, yogawa ntchito ija ndi 0.8 n'kukwezera yankho pa nambala yathunthu. Izi zikutanthauza kuti akufuna makashiya azitanganidwa mphindi zosapitirira 48 pa ola. Pamenepo 3.5 ikupereka 4.4, ndiye kuti anthu asanu, 2.25 ikupereka 2.8, anthu atatu, 1.5 ndi 1.2 zikupereka anthu awiri. Njirayi ili ndi chofooka chimodzi choyenera kudziwa, chakuti imapeputsa mavuto a magulu aang'ono. Makashiya awiri a m'mawa, okhala ndi ogula 30 pa ola, amatanganidwa 75 peresenti yokha ya nthawi, komabe wogula amadikira pafupifupi mphindi zinayi, popeza mmodzi akakodwa ndi wogula wovuta, theka la sitolo laima. Kuti mphindi zinayi n'zambiri kapena n'zochepa, masamu sanganene. Mwini sitolo ndiye amasankha, poyang'ana malipiro a ola limodzi la kashiya mbali ino ndi ogula omwe angapite kusitolo yoyandikana nayo mbali inayo.

## Kuchoka pa maola kupita pa mashifiti

Tsopano tili ndi chithunzi cha tsiku: awiri kuyambira 7 mpaka 12 koloko, atatu pa nkhomaliro, awiri mpaka 4 koloko, asanu mpaka kutseka. Tikaphatikiza, ndi maola 35 a munthu polipirira. Koma munthu salembedwa ntchito ola limodzi limodzi, ndipo luso la manijala limaonekera pa kuphimba maola amenewa ndi mashifiti omwe munthu angagwiredi.

Njira yomwe ambiri amayamba nayo ndi mashifiti awiri a maola asanu ndi atatu, iliyonse yokhala ndi ola lina lopumira: ya m'mawa kuyambira 7 mpaka 4 koloko, ndi ya masana kuyambira 10 mpaka 7 koloko. Popeza m'mawa mukufunika awiri ndipo madzulo asanu, anthu onse akhala asanu ndi awiri, maola olipidwa 56. Pakati pa 10 ndi 4 koloko sitolo imadzaza antchito pomwe ogula ali ochepa, ndipo apa ndi pomwe pamachokera dandaulo la mwini sitolo lija.

Njira ina ndi kuika awiri pa shifiti ya m'mawa, awiri pa ya masana, ndi atatu pa shifiti yaifupi ya maola anayi, kuyambira 3:30 mpaka 7:30 madzulo. Maola olipidwa atsika kufika pa 44, ndipo madzulo alipobe asanu. Nthawi yopuma imaikidwa mwadala pa maola opanda ogula: awiri a m'mawa amapuma mosinthana pakati pa 10 ndi 12 koloko, awiri a masana pakati pa 2 ndi 4 koloko, kuti pa nkhomaliro ya ogula pasasowe munthu. Cholakwika chofala ndi kulola antchito onse kudya 12 koloko ikakwana, nthawi yomweyo yomwe ogwira ntchito m'maofesi oyandikana atulukira kudzagula.

Pa ndondomeko yachiwiriyi, tikapanda kuwerengera a shifiti yaifupi, kuyambira 10 mpaka 4 koloko pamatsala munthu mmodzi wopitirira ofunika polipirira, ndiye kuti maola asanu ndi limodzi. Maola amenewa sanatayike, chifukwa sitolo ili ndi ntchito zina zosadikira wogula. Galimoto ikabweretsa makatoni 120, ndipo katoni iliyonse imatenga mphindi zinayi kuitsegula, kuiwerenga ndi kuika katundu wake pamashelefu, imeneyo ndi ntchito ya maola asanu ndi atatu. Ntchito yotere ilibe mzere, kotero sifunika kuigawa ndi 0.8, imangofunika kuikidwa pa maola oyenera. Maola asanu ndi limodzi aja amadya gawo lalikulu, ndipo awiri otsalawo ayenera kulembedwa penapake, apo ayi adzagwiridwa 5 koloko madzulo ndi kashiya amene amayenera kukhala polipirira. Chimodzimodzi kusesa asanatsegule ndi kuwerenga ndalama atatseka. Ngati makashiya a masana amawerenga ndalama kwa theka la ola zitseko zitatsekedwa, shifiti yawo iyambe 10:30, osati kumawaweruzitsa mochedwa tsiku ndi tsiku popanda kuwerengera.

Shifiti yaifupi ili ndi mbali ziwiri. Kwa sitolo imachepetsa maola olipidwa pachabe, ndipo kwa wophunzira kapena munthu wokhala ndi zochita zina masana ingakhale yomuyenera. Koma wantchito amene amalipira minibasi kapena kabaza popita ndi pobwera amawononga ndalama yomweyo pa maola anayi ngati pa maola asanu ndi atatu, ndiponso amaweruka kutada. Masitolo ena amapewa izi pophunzitsa oika katundu pamashelefu ndi woyang'anira kugwira ntchito ya kashiya, kuti 4 koloko ikakwana azisiya zomwe akuchita n'kutsegula malo otsalawo. Njirayi imafuna kuti aliyense akhale ndi bokosi lake la ndalama, chifukwa anthu awiri akagwira m'bokosi limodzi ndalama zikasowa palibe wofunsidwa.

## Malo anayi pa shifiti si anthu anayi olembedwa

Ndondomeko ikati malo anayi a shifiti yathunthu tsiku lililonse, sizitanthauza kulemba anthu anayi, chifukwa sitolo imatsegula masiku ambiri kuposa omwe munthu mmodzi amagwira. Ku Malawi, lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola wamba ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, limafuna kuti wantchito azipuma maola osachepera 24 otsatizana sabata iliyonse, ndipo limapatsa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata tchuthi cha masiku osachepera 18 pa chaka.

Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 312 pa chaka. Tichotsepo 18 a tchuthi, ndipo tiyerekeze kuti masiku a holide ndi 12 komanso kuti matenda ndi maliro zimatenga asanu ndi limodzi. Patsala masiku 276. Ngati sitolo imatsegula tsiku lililonse, malo anayi aja akufuna mashifiti 1,460 pa chaka, pomwe anthu asanu amapereka 1,380. Pakusowa mashifiti 80. Mwini sitolo angalembe munthu wachisanu ndi chimodzi, angachepetse malo pa masiku opanda ogula ambiri ngati Lamulungu m'mawa, kapena angadalire ovataimu, omwe ndi maola ogwiridwa kupitirira oikika. Posankha njira yomalizayi ayenera kukumbukira kuti lamulo lomwelo limati ola la ovataimu pa tsiku wamba lilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo pa tsiku lopuma la wantchito kapena pa holide lilipidwe kawiri.

## Kutha kwa mwezi

Pa sabata ya malipiro zinthu ziwiri zimakwera nthawi imodzi, ndipo ambiri amangoona chimodzi. Ogula amachuluka, komanso aliyense amagula zambiri, sopo, mafuta ophikira, shuga ndi ufa za mwezi wonse, kotero nthawi ya wogula mmodzi imatalika. Tinene kuti madzulo a Lachisanu la malipiro kukubwera ogula 90 pa ola ndipo aliyense akutha mphindi zinayi. Ogula awonjezereka ndi zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu, koma ntchito yachoka pa 3.5 kufika pa 6, ndipo tikagawa ndi 0.8 pakufunika makashiya asanu ndi atatu. Sitolo yathu ili ndi malo asanu okha.

Pamenepa kuwonjezera makashiya sikungathandize, popeza alibe pokhala. Chotsala ndi kufupikitsa mphindi zija. Munthu wolongedza katundu akaima pa malo aliwonse, chenji chikakonzedweratu, ndipo wina akamayenda mumzere kuthetsa nkhani za mitengo anthu asanafike kutsogolo, mphindi zinayi zingathe kutsika kufika pa zitatu. Ntchito ikhala 4.5 pa malo asanu. Mzere udzakhalapo ndithu, chifukwa makashiya akutanganidwa 90 peresenti ya nthawi, koma udzakhala mzere woyenda, osati wokula ola ndi ola. Choncho anthu owonjezera a tsiku limeneli ndi olongedza, ndipo amawerengedwa potengera malo olipirira otsegulidwa.

Nyengo zina zimayendera njira yomweyi. Masiku a Khirisimasi, sabata yotsegulira sukulu, ndi miyezi yomwe alimi akugulitsa zokolola m'madera omwe ndalama imachokera kumunda, zonsezi zimayerekezedwa poyang'ana malisiti a nthawi yomweyo chaka chatha n'kuona kuti anaposa sabata wamba ndi gawo lanji.

## Zizindikiro zoti kuwerengera kwaphonya

Malisiti amawerenga anthu omwe anathandizidwa, osati omwe anabwera. Ngati sitolo yakhala ikutsegula malo atatu okha madzulo, makina adzaonetsa ogula pafupifupi 60 pa ola tsiku ndi tsiku, ngakhale pakhomo palowe 70 kapena 85, chifukwa 60 ndiwo malire a makashiya atatu. Manijala wowerengera potengera nambalayi adzapeza kuti ntchito ya madzulo ndi ya anthu atatu basi, adzapeputsa anthu ofunika, ndipo sabata yotsatira makina adzamutsimikizira zomwezo. Chizindikiro chake n'chakuti nambala ya ola lotanganidwa imafanana modabwitsa masiku onse, pomwe ya maola ena imakwera ndi kutsika. Zikatero, munthu aime pakhomo masiku angapo awerenge olowa, ndipo potseka awerenge madengu odzaza katundu omwe asiyidwa pakati pa mashelefu.

Njira yosavuta yoyesera ndondomeko yatsopano ndi kuwerenga anthu omwe ali pamzere mphindi 15 zilizonse kwa masabata awiri, n'kumalemba pambali pa chiwerengero cha malo omwe anali otseguladi panthawiyo. Mzere ukamatalika pa ola limodzimodzilo tsiku lililonse malo onse oikika ali otsegula, ndiye kuti ogula kapena mphindi zinayezedwa moperewera. Ukamatalika pomwe malo otsegula ali ochepa kuposa olembedwa pandondomeko, masamu ali bwino koma anthu akukokedwera kwina, mwina kukatsitsa katundu kapena kukafuna chenji. Ukatalika tsiku limodzi lokha chifukwa magetsi anazima kapena netiweki inavuta, tsikulo lilembedwe chizindikiro ndipo lisalowe mu avereji ya masabata otsatira.

Nthawi zina vuto limabisala mkati mwa ola. Ogula 70 a pakati pa 5 ndi 6 koloko angathe kukhala 25 mu theka loyamba ndi 45 mu theka lachiwiri, zomwe zikufanana ndi 90 pa ola kwa mphindi makumi atatu. Sitolo yoyandikana ndi siteji ya basi, sukulu kapena fakitale yomwe anthu amawerukira pamodzi iyenera kugawa maola otanganidwawo m'zigawo za theka la ola, n'kuwerengera makashiya potengera theka lolemera.